Kodi ndalama za anthu aulumali zimabisala pati mu bajeti ya khonsolo?

"Ndine mayi woyendera ndodo, ndipo ndimaimira anthu aulumali mu ADC, komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yathu yaikulu, kuno ku Namwera. Chaka ndi chaka timamva kuti bajeti ya khonsolo yatiganizira. Ndalamazo zimalembedwa pati, ndipo tingazilondole bwanji mpaka tione kuti zafika kwa munthu?"

Mayi, mukatenga buku la bajeti n'kumasanthula tsamba ndi tsamba kufuna mzere wolembedwa kuti za aulumali, mwina mudzaupeza, koma udzakhala waung'ono zedi, utabisala pansi pa ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Ambiri akaupeza mzerewo amathera mphamvu zawo zonse pomwepo, kumenyera kuti ukwere pang'ono. Si kulakwa. Koma ndalama zomwe zimagamula ngati mwana woyendera njinga ya aulumali alowa m'kalasi kapena atsala pakhonde zili kwina, m'mapulojekiti omanga, ndipo kumeneko kawirikawiri kulibe munthu waulumali amene amayang'anako.

Ndalama za khonsolo zimachokera m'matumba osiyana. Pali ndalama zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, zomwe a m'maofesi amazitchula kuti ORT. Izi boma limatumiza litazigawiratu kuti zakuti ndi za maphunziro, zakuti ndi za umoyo, zakuti ndi za ulimi, ndipo khonsolo siingangochotsa za umoyo n'kuzipititsa ku chisamaliro cha anthu. Pali ndalama za chitukuko, monga thumba la DDF la chitukuko cha boma lonse, thumba la CDF la chitukuko cha dera la phungu ndi ndalama za pulojekiti ya GESD yothandizidwa ndi Banki ya Dziko Lonse, zomwe zimamanga midadada ya sukulu, zipatala zing'onozing'ono, misika ndi milatho. Ndiye pali zomwe khonsolo imatolera yokha, ziphaso za m'misika ndi malaisensi a bizinesi. Pa zotolera yokhazi khonsolo ili ndi ufulu wambiri wosankha pogwiritsira ntchito, kungoti zimachepa ndipo zimakhala ndi eni ake kale: malipiro a antchito olembedwa ndi khonsoloyo, magetsi, madzi, misonkhano. Thumba lalikulu lomwe inu a ADC muli nalo mawu ndi lachitukuko.

Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Kale chinkayamba mu Julayi, koma zinasintha mu 2022. Izi zikutanthauza kuti wopita ku khonsolo mu Meyi kukapempha kuti aulumali aganiziridwe wachedwa ndi chaka chathunthu. Bajeti imaphikidwa miyezi ingapo Epulo asanafike, a National Local Government Finance Committee akatumiza malire a ndalama zomwe khonsolo iliyonse iyembekezere. Ndipo pulojekiti siyenera kungotulukira mu bajeti. Imayambira m'mapulani a m'midzi omwe VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, imalemba, imadutsa pa ADC yanuyo, imalowa mu pulani ya chitukuko ya boma lonse la Mangochi ya zaka zisanu, kenako n'kusankhidwa kulowa mu pulani ya chaka chimenecho. Akuluakulu a nthambi za khonsolo, mu komiti yawo ya DEC, amaiunika, komiti ya makhansala yoona za ndalama imaikambirana, msonkhano wa khonsolo yonse n'kuivomereza. Choncho mvula ikamayandikira, funsani mkulu wa mapulani ndi chitukuko, uja timati DPD, kuti ndi mapulojekiti ati a dera la Mfumu Jalasi omwe akuganiziridwa chaka chamawa. Musaiwalenso kuti lamulo la maboma ang'ono la 1998 linapereka mipando isanu mu khonsolo kwa oimira magulu apadera. Savota, koma amalankhula ndipo amalandira mapepala a msonkhano. Dziwani amene wakhala pa mpando woimira aulumali, mugwirane naye manja.

Tsopano tiyeni titsate pulojekiti imodzi. Manambala ndikupatsaniwa ndi ongoyerekeza, kuti muone kawerengedwe kake. Tinene kuti ADC yanu yasankha mdadada wa makalasi awiri ndi zimbudzi pa sukulu ina ya pulayimale, ndipo bajeti yaikapo K80 miliyoni. Mu mfundo za msonkhano mwalembedwa bwinobwino kuti nyumbayo ikhale yofikirika kwa ana aulumali. Chiganizo chimenecho chilibe mphamvu iliyonse kwa kontirakitala. Iye amamanga zomwe zili pa chojambula cha nyumbayo ndi mu BoQ, mndandanda uja wa ntchito ndi zipangizo womwe ofesi ya zomangamanga imakonza ntchito isanatsatsidwe, pomwe chinthu chilichonse chili ndi muyeso wake ndi mtengo wake. Chomwe sichili mu BoQ salipidwa nacho, ndiye sachimanga, ndipo simungamuimbe mlandu. Kupanga bajeti yoganizira aulumali, pa nkhani ya zomanga, ndi kuonetsetsa kuti zinthuzi zalowa mu BoQ ngati mizere yoima payokha, yokhala ndi miyeso, ntchito isanaperekedwe kwa munthu.

Miyesoyo ndi iyi, ndipo muisunge pamtima chifukwa ndiyo chida chanu. Rampu, njira yotsetsereka ija yolowera pa njinga, isapitirire muyeso wa 1 pa 12. Ndiye kuti khonde likakwera masentimita 10, rampu italike masentimita 120. Kwanu ku Namwera malo ambiri ndi otsetsereka, maziko amakwera, ndipo si zachilendo kupeza khonde lotalika masentimita 45 kuchokera pansi. Khonde lotero likufuna rampu ya mamita 5.4. Pamwamba pake pakhale malo athyathyathya a mamita 1.5 poti munthu aime n'kutsegula chitseko njinga osabwerera m'mbuyo. Khomo litseguke masentimita 90. Chimbudzi chimodzi chikhale chachikulu moti njinga n'kutembenukiramo, chitseko chake chotsegukira kunja, chokhala ndi mpando wokwera ndi zitsulo zogwirira m'mbali, chifukwa mwana amene sangathe kunjuta amakakamizika kugwira pansi ndi manja pa chimbudzi chokumba. Ana ambiri otere amangosiya kumwa madzi m'mawa kuti asafune chimbudzi, ena amasiya sukulu. Ndipo pakhale kanjira kolimba kuchokera ku kalasi kufika ku chimbudziko. Kanjira aka kamaiwalika kwambiri, koma anzanu a m'mbali mwa nyanja, ku Malindi kapena kwa Makanjira, angakuuzeni zomwe mchenga umachita ndi mateyala a njinga.

Mu chitsanzo chathu tinene kuti mizereyo yalowa chonchi: marampu awiri K900,000, zitsulo zogwirira K500,000, zowonjezera pa chimbudzi chachikulu K700,000, kanjira K300,000. Zonse pamodzi K2.4 miliyoni, ndiye kuti K3 pa K100 iliyonse ya pulojekitiyo. Wina akadzakuuzani kuti khonsolo ilibe ndalama za zimenezi, mumuonetse kuchepa kwa gawoli. Zimadula zikamachitika nyumba itatha kale, pofunika kugumula khonde ndi kukulitsa makomo.

Ndimakakamira kuti ikhale mizere yoima payokha pa chifukwa chimodzi. Rampu ikangomizidwa mu mzere wa konkire yense wa nyumbayo, palibe amene angaloze kuti ndalama yake ndi iyi. Mitengo ya simenti ikakwera ntchito ili mkati, monga zimachitikira kwacha ikagwa, oyang'anira ndi kontirakitala amakhala pansi kuona zoti achotse kuti ndalama ikwane. Denga sangachotse. Zoyamba kupita ndi zitsulo zogwirira ndi kanjira, ndipo rampu imafupikitsidwa. Ikakhala mizere yakeyake, kuichotsa kumafuna kalata yosintha mgwirizano yosainidwa, ndipo kalatayo mukhoza kuifunsa.

Ntchito ikayamba pamakhala komiti ya anthu a m'deralo yoyang'anira pulojekiti. Menyerani kuti mu komitiyo mukhale munthu waulumali, ndipo akhale ndi kope la masamba a BoQ okhudza rampu, zitsulo, chimbudzi ndi kanjira. Nthawi yabwino yopita ndi tepi yoyezera ndi pamene amisiri akhoma matabwa a rampu, konkire asanathire. Yezani kutalika kwa khonde, chulukitsani ka 12, yerekezani ndi kutalika kwa matabwawo. Mukapeza khonde la masentimita 45 ndi rampu ya mamita awiri, ndiye kuti kutsetsereka kwake kwaposa kawiri muyeso woyenera. Rampu yotero imaoneka bwino pa chithunzi cha mu lipoti, koma mwana sangaikwere yekha, ndipo potsika ikhoza kumugwetsa chafufumimba. Tepi ikasowa, itanani munthu woyendera njinga ayese kukwera popanda womukankha. Akalephera, rampuyo yalakwika.

Mphamvu yanu yeniyeni ili pa malipiro. Kontirakitala salandira ndalama yonse nthawi imodzi. Amalipidwa m'magawo, ndipo gawo lililonse limafuna setifiketi yosainidwa ndi a zomangamanga yotsimikiza kuti ntchito yakuti yachitika. Pa malipiro aliwonse khonsolo imasungako kachigawo, kawirikawiri K5 kapena K10 pa K100 malinga ndi mgwirizano, kuti nyumba ikaonetsa zolakwika m'miyezi yotsatira kontirakitala abwere adzakonze asanalandire yotsalayo. Pa K80 miliyoni, K5 pa K100 ndi K4 miliyoni. Taonani: ndalama yosungidwayo yaposa K2.4 miliyoni ya zinthu zathu zonse. Ndiye ngati rampu yafupika ndipo zitsulo palibe, lembani kalata kwa bwanamkubwa, kope kwa mkulu wa zomangamanga ndi kwa khansala wanu, yonena miyeso yomwe mwapeza ndi mizere ya BoQ yomwe sinakwaniritsidwe, n'kupempha kuti zilowe pa mndandanda wa zokonza ndalama yosungidwa isanatuluke. Kalatayo ifike mwambo wopereka nyumba usanachitike. Amayi akavina, riboni ikadulidwa, ndalama yomaliza ikatuluka, kontirakitala simudzamuonanso, ndipo kukonza kudzafuna bajeti yatsopano.

Malamulo oyendetsera CDF akhala akusinthasintha ndiponso kukanganirana, koma ndalama yake imadutsa mu akaunti ya khonsolo ndipo mapepala ake amasungidwa komweko. Mapulojekiti a thumba limeneli nthawi zambiri akhala ali ang'onoang'ono, omangidwa ndi amisiri a m'deralo, nthawi zina popanda chojambula chatsatanetsatane. Apa m'pamene miyeso ija imatayika msanga, ndiye muziiika pa pepala lopempha pulojekiti lomwe ADC imasaina.

Tibwerere ku kamzere kakang'ono kaja ka za aulumali, komwe kali mu ORT, chifukwa nakonso kali ndi nkhani yake. Polondola ndalama yamtundu uwu musakhutire ndi nambala imodzi. Pali yomwe khonsolo inavomereza, pali yomwe Boma linatumizadi, pali yomwe inagwiritsidwa ntchito, ndipo pali yomwe inasanduka chinthu m'manja mwa munthu. Pa wailesi mumamva yoyamba yokha. Tiyerekezenso: khonsolo yavomereza K6 miliyoni ya ntchito za aulumali. Ndalama za ORT zimabwera mwezi ndi mwezi, nthawi zina mochedwa, nthawi zina zoperewera, ndiye pofika Malichi zomwe zafika ndi K3.6 miliyoni. Pa imeneyi K2.1 miliyoni yapita ku mwambo wa pa 3 Disembala, tsiku lokumbukira anthu aulumali pa dziko lonse: mafuta a galimoto, maalawansi, matisheti, zokuzira mawu, zakumwa. K900,000 yapita pa ulendo wa maofesala wokayendera madera. Yotsala K600,000 ndiyo yakonzetsa njinga ndi kugula ndodo zoyera. Mu lipoti adzalemba kuti ndalama yonse yomwe inabwera yagwira ntchito, ndipo sadzakhala akunama. Palibe amene waba. Koma pa K100 iliyonse yomwe inalonjezedwa, yafika kwa munthu ndi K10.

Ine mwambo wa pa 3 Disembala sindidana nawo, koma ndimakana kuti uzidya gawo lalikulu la kandalama kochepa kale, pomwe mabungwe ndi amalonda a pa boma akhoza kuuthandiza. Mankhwala a vutoli ali pa kalembedwe ka bajeti. Mzere wonena kuti kudziwitsa anthu za ulumali ukhoza kumeza ndalama iliyonse osasiya chooneka. Mzere wonena kuti kukonza njinga 30 ndi kulipira womasulira chinenero cha manja pa misonkhano inayi ya khonsolo yonse uli ndi chowerenga. Kumapeto kwa chaka mukhoza kufunsa kuti njinga zakonzedwa zingati, za yani, m'midzi iti. Mukhozanso kupempha komiti ya za ndalama kuti igwirizane malire, kuti maalawansi ndi mafuta zisapitirire gawo lakutilakuti la mzerewo. Ndipo pokonzetsa njinga pali nzeru kuposa pogula zatsopano zokha. Njinga zambiri zogawidwa pa miyambo zimagona kuseri kwa nyumba chaka chisanathe chifukwa cha chubu, mabeyaring'i kapena wilo lakutsogolo, zinthu zomwe wokonza njinga zakapalasa pa msika wa Namwera angathe kukonza atapatsidwa zipangizo.

Manambala anayiwa mungawapeze. Ofesi ya mkulu wa za ndalama imalemba malipoti a mwezi ndi a miyezi itatu iliyonse, omwe amapita ku komiti ya za ndalama. Khansala wanu ali ndi ufulu wowaona, ndipo makhonsolo amayenera kumata pa bolodi la zidziwitso ndalama zomwe alandira. Yambani mwaulemu, kudzera mwa khansala kapena mlembi wa ADC. Zikakanika, pali lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Mumalemba pempho kwa ofesala wosunga uthenga pa khonsolo, ndipo lamulolo limapereka masiku 15 ogwira ntchito kuti akuyankheni. Akakana kapena akangokhala chete, mumayamba mwapempha khonsoloyo kuti iunikenso nkhaniyo, ndipo zikakanikabe dandaulo limapita ku Malawi Human Rights Commission. Pempho lanu likhale lolunjika. Mukalemba kuti mukufuna kudziwa zomwe khonsolo ikuchitira aulumali, adzakuyankhani ndi ndime ziwiri za mawu okoma. Lembani kuti mukufuna BoQ ndi masetifiketi a malipiro a pulojekiti yakuti, kapena mndandanda wa mavocha a mzere wakuti kuyambira Epulo mpaka Seputembala, komanso mndandanda wa olandira katundu. Tengani kope lodindidwa chidindo cha tsiku lomwe mwapereka.

Mndandanda wa olandira ukafika, musaukhulupirire uli pa tebulo. Sankhani mayina khumi mosayang'ana nkhope, ena akutali ndi msewu, mugawane ndi anzanu a mu VDC, mukafike pakhomo. Funsani ngati chinthucho anachilandira, liti, ngati chikugwirabe ntchito, ndiponso ngati chinali chomuyenera. Njinga ya munthu wamkulu yopatsidwa kwa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri imalembedwa kuti yafika, koma imamupindika msana ndi kumutulutsa zilonda. Kwanuko mafunsowa afunsidwe m'Chiyao kwa amene Chichewa sichiwayendera bwino, ndipo afunsidwe mwini wakeyo, osati womusamalira yekha. Mukapeza kuti mayina atatu mwa khumi sakudziwika m'mudzimo kapena sanalandire, ndiye kuti vutolo si la anthu atatu okhawo, ndipo nkhaniyo ikuyenera wofufuza za ndalama wa pa khonsolo.

Pali chinthu china chomwe chimafooketsa pempho la aulumali pa tebulo la bajeti: kusowa kwa chiwerengero. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wina wake, ndipo boma la Mangochi linali ndi anthu oposa 1.1 miliyoni. Tikatengera muyeso wa dziko lonsewo, tikunena anthu oyandikira 100,000 m'boma lino. Koma mukafunsa mfumu kuti m'mudzi mwake muli olumala angati, adzakutchulirani awiri kapena atatu, oyendera njinga ndi osaona. Gogo amene sakumvanso, mwana wa khunyu, mnyamata wochedwa kuphunzira, onsewa sawerengedwa. N'chifukwa chake polemba mapulani a m'midzi ndi bwino kufunsa za zovuta osati za dzina: kodi alipo amene amavutika kuona, kumva, kuyenda kapena kukwera masitepe, kukumbukira, kudzisamalira monga kusamba ndi kuvala, kapena kulankhulana ndi anthu? Mafunso asanu ndi limodzi amenewa, omwe akatswiri amawatchula kuti a Washington Group, amatulutsa anthu omwe mawu oti wolumala amawabisa. Anthu achialubino muwalembe padera, chifukwa zosowa zawo, mafuta oteteza khungu ku dzuwa, zipewa, kuyezedwa maso ndi khungu, zimagwera mu bajeti ya za umoyo. ADC yobwera ndi pepala lonena kuti m'midzi yathu muli ana 40 a msinkhu wa sukulu ovutika kuyenda, ndipo 15 sapita ku sukulu, imamveka mosiyana ndi yongoti aulumali alipo ambiri. Chiwerengero chomwechi mungayezere nacho mndandanda wa Mtukula Pakhomo, kuona ngati mabanja osauka kwambiri okhala ndi munthu waulumali analowamo.

Musamenyane ndi khonsolo pa zinthu zomwe si zake. Aphunzitsi a maphunziro apadera amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, ndipo kuchuluka kwawo kumadalira unduna; chomwe ofesi ya maphunziro pa boma ingachite ndi kuwagawa bwino m'mazoni ndi kuwapatsa mayendedwe. Mankhwala ambiri amadzera ku Central Medical Stores Trust, koma kuti mafuta a khungu kapena mankhwala a khunyu alembedwe pa oda ndi kufika pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, imeneyo ndi ntchito ya ofesi ya za umoyo ya pa boma, ndipo mukhoza kuifunsa kudzera mu komiti ya chipatala chanu. Lamulo latsopano la anthu aulumali la 2024, lomwe linalowa m'malo mwa la 2012 ndi kusintha bungwe la boma loona za aulumali la MACOHA kukhala MACODA, limakupatsani poimira pa nkhani ya nyumba zofikirika, ndipo a MACODA ndi a FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, akhoza kukuthandizani kukankha kalata yomwe yaima. Koma lamulo lokha silidzalemba mzere mu BoQ.

Chaka chino musagwire zonse. Sankhani pulojekiti imodzi ya m'dera lanu yomwe sinatsatsidwe, pitani ku ofesi ya zomangamanga ndi wapampando wa ADC, mupemphe kuona BoQ yake, ndipo muone ngati rampu, zitsulo, chimbudzi ndi kanjira zili ndi mizere yake ndi miyeso yake. Ngati palibe, pemphani kuti ziwonjezedwe komiti yogula katundu ya pa khonsolo isanavomereze mapepala otsatsira ntchitoyo, ndipo pempho lanulo lilembedwe mu mfundo za msonkhano wa ADC wotsatira.